Chithunzi cha pa WhatsApp musakachiike mu fulemu

Azakhali anga atakwanitsa zaka 70, ndidawajambula ali pakhonde, atavala duku ndi chitenje chofiira cha maluwa. Madzulo ndidakhala pa kompyuta kuchikonza chithunzicho. Ndidawalitsa nkhope pang'ono, n'kufufuta chingwe choyanikapo zovala chimene chimaoneka ngati chikutuluka m'khutu mwawo. Nditamaliza ndidachiponya pa gulu la banja la WhatsApp, ndipo onse adachiyamikira. Patapita sabata msuweni wanga adabwera nacho chili mu fulemu ya mainchi 8 kwa 10. Adali atachitenga pa gulupo n'kukachitsukitsa ku situdiyo ina m'tauni. Maso a azakhali adali mbuu, masaya ngati omata dothi, maluwa a pachitenje atasefukira m'mbali, ndipo nsonga ya duku idali itadulidwa.

"Koma pa foni chimaoneka bwino, achimwene," adatero msuweniyo, uku akudzudzula a ku situdiyo. Ine ndidaona kuti anthu aja adangopulinta chimene adapatsidwa. Wolakwa ndidali ine, amene ndidatulutsa fayilo imodzi pamene pamafunika awiri.

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Cha azakhalicho, pochoka mu kamera, chidali ndi mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 6000 m'litali. Sikirini ya foni ndi yaing'ono, sifuna madontho onsewo. Pepala limafuna ambiri, chifukwa munthu amalinyamula m'manja n'kuliyang'anitsitsa. Mlingo umene opulinta zithunzi amatsata ndi mapikiselo 300 pa inchi iliyonse. Masamu ake ndi a kupulayimale: chithunzi cha mainchi 8 kwa 10 chikufuna mapikiselo 2400 kwa 3000, pamene kaja ka mu alubamu ka mainchi 4 kwa 6 kakufuna 1200 kwa 1800.

Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp m'njira ya masiku onse, pulogalamuyo imachichepetsa mpaka mbali yaitali ifike pafupifupi mapikiselo 1600, kenako n'kuchifinya kuti chisadye bando. Cha azakhali chidafika kwa msuweni chili cha m'ma 1067 kwa 1600. Mapikiselo 1067 mukawamwaza pa mainchi 8, inchi iliyonse ipata 133 okha, osafika ndi theka lomwe la 300. Maso aja adachita mbuu chifukwa cha zimenezi. Akadatsukitsa kakang'ono ka 4 kwa 6, inchi iliyonse ikadapata 267, ndipo palibe akadadandaula. Ambiri amakana kuti WhatsApp imawononga chifukwa tizithunzi tating'ono tawo timatuluka bwino, ndiye amadzazindikira tsiku lofuna chachikulu chopachika pakhoma.

Kufinyako kulinso ndi zake. JPEG imagawa chithunzi m'timabwalo ta mapikiselo 8 kwa 8, n'kutaya tinthu tating'ono timene ikuganiza kuti diso silitiona, ndipo imataya kwambiri za mtundu kuposa za kuwala. Chofiira cha chitenje chidasefukira chifukwa chimenecho. Pankhope kuwonongekako kumaonekera pamene khungu limasintha pang'onopang'ono kuchoka powala kulowa mumthunzi, monga patsaya ndi pansi pa chibwano, ndipo pa khungu lakuda mithunzi yoteroyo ndi imene imaumba nkhope yonse. Kuti mudziwe ngati fayilo yadutsa m'chigayo chotere, ikulitseni pa sikirini mpaka 100% muyang'ane patsaya ndi m'mphepete mwa tsitsi. Mukaona timabwalo kapena kautsi kozungulira nsidze, isapite kopulinta. Chimene chatayika sichibwerera, ndipo fayilo ikasungidwanso ngati JPEG imatayanso china.

Tsono ndidabwerera ku fayilo yanga yoyamba, imene sindiichepetsa kapena kuitumiza kwa wina aliyense, n'kutulutsamo ya kopulinta. Choyamba ndidadula ndekha. Kamera yanga imajambula pa mlingo wa 2 kwa 3, pamene pepala la 8 kwa 10 ndi la 4 kwa 5, ndiye mapikiselo 1000 a m'litali amayenera kuchoka basi. Mukapanda kudula nokha, makina amadula chapamwamba ndi chapansi osayang'ana kuti duku lili pati. Ine ndidachotsa chapansi, kumiyendo ya mpando, n'kusiyako kampata pamwamba pa mutu poti fulemu nayo imaphimba pang'ono m'mbali.

Kenako, pa Export mu Lightroom, ndidasankha JPEG, Quality ndidaika 95, kukula 2400 kwa 3000, ndipo Resolution 300. Pa Color Space ndidasankha sRGB. Ena amakopeka ndi Adobe RGB poti imanyamula mitundu yambiri, koma makina amene sakuizindikira amatulutsa khungu lotuwa ngati la munthu wodwala. Ngati a ku situdiyo sadakuuzeni okha kuti akufuna ina, khalani pa sRGB. Pa Output Sharpening ndidaika Glossy Paper, chifukwa pepala limafewetsa chithunzi pang'ono ndipo chimafunika kuthwa koposa cha pa sikirini.

Pali chinanso chimene manambala sangakuuzeni. Sikirini imawala yokha, pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Mukakonza chithunzi usiku sikirini ili ngwee, pa pepala chidzatuluka chakuda, ndipo nkhope idzamira mumthunzi. Ndidatsitsa kuwala kwa sikirini kufika chapakati, ndidaona kuti pansi pa duku pada, n'kuwalitsapo pang'ono. Ndisanalipire chachikulu ndidayamba ndatsukitsa kakang'ono koyesera, n'kukayang'ana panja pa khomo la situdiyo.

Fayilo ya pa foni ndi yosavuta. Mbali yaitali ndimaika 1600, Quality cha m'ma 80, sRGB yomweyo, ndipo Output Sharpening pa Screen. Ndimachepetsa ndekha kuti ndione zotsatira ndisanatumize, ndiponso kuti WhatsApp ipeze zochepa zoti idule. Idzafinyabe, koma kwa woonera pa foni sizidetsa nkhawa, ndipo achibale akumudzi amene netiweki imawavuta amachitsegula msanga. Batani la HD, limene lidabwera mu 2023, limasunga mapikiselo ochulukirapo, komabe limafinya, choncho ine sindilidalira pa chithunzi cha pakhoma. Mafayilo awiriwa ndimawapatsa mayina osasokoneza, ina `azakhali_8x10.jpg`, inayo `azakhali_foni.jpg`.

Nanga ngati situdiyo ili kutali ndipo simungapite ndi fulashi? WhatsApp yomweyo ingathe kunyamula fayilo yonse osaikhudza, bola muitumize ngati Document, osati kudzera pa Gallery. Wolandirayo aone kukula kwake. Ngati mudatumiza ya 4 MB ndipo kwafika ya 200 KB, yadutsa njira yolakwika. Muwauzenso kuti atenge fayiloyo momwe ilili, asajambule sikirini, ndipo asaitumize kwa mnzawo wa pa makina ngati chithunzi wamba.

Njira ya Document ili ndi kanthu kamodzi koti muchenjere nako. Poti fayilo imapita yathunthu, imanyamulanso zimene kamera idalembamo: tsiku, mtundu wa foni, ngakhalenso malo enieni amene mudajambulira ngati GPS idali yoyatsa. Mu Lightroom chongani Remove Location Info musanatulutse. Cha azakhali ndidachijambulira pakhomo pawo, ndiye ndidachonga, n'kutumiza fayiloyo kwa msuweni uja kuti akatsukitse ku situdiyo yomwe ija. Fulemu tidagwiritsa yakale yomwe.