Magalasi Atsopano Akamapweteketsa Mutu: Kalata Yolembera Wopima Maso

Amayi, ena mwa inu mumabwera ku sikelo mutavala magalasi a maso, amene akuluakulu amawatcha mandala. Kuno ku Mchinji munthu akafuna magalasi opimitsa, nthawi zambiri amakwera ulendo wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, kapena kuwoloka malire kupita ku Chipata. Tsono zimawawa mumtima kufika kunyumba, kuvala magalasi aja, mutu n'kuyamba kupweteka. Ambiri amangowaponya m'sutikesi, ndalama n'kupita pachabe. Chikhalirecho magalasi olakwika angathe kukonzedwanso, ngati mwini wake afotokoza bwino vuto lake kwa amene anawakonza.

Poyamba tsimikizani kuti mutuwo ukuchokeradi ku magalasi. Mutu wa magalasi umayamba mukawavala kwa kanthawi, umamveka pamphumi ndi mozungulira maso, ndipo umaleka mukawavula ndi kupumula. Koma mutu wobwera ndi kutentha thupi ungakhale malungo. Ngati muli ndi pakati, kapena mwangobereka kumene, ndipo mutu ukupweteka kwambiri, maso akuchita chidima kapena mukuona tinthu tothwanima, musatenge cholembera ayi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, pakuti vuto limeneli likhoza kupha mayi ndi mwana yemwe. Chimodzimodzinso diso likafiira, likamapweteka kwambiri ndipo mukusanza. Zotere n'zofunika chipatala cha boma cha Mchinji msanga, ndipo kumeneko akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku chipatala cha maso cha pa Kamuzu Central.

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, lezani mtima pang'ono. Maso amatenga masiku angapo, mwina kufikira milungu iwiri, kuti azolowere magalasi atsopano. Pa masiku amenewa muziwavala monga anakuuzirani, osasinthanitsa ndi akale, chifukwa kusinthasinthako kumachedwetsa kuzolowera. Mutu woyenda ndi kuzolowera umacheperachepera tsiku ndi tsiku. Ukakhala chimodzimodzi, kapena ukamakula, milungu iwiri itatha, dziwani kuti pali cholakwika.

Nanga chimalakwika n'chiyani? Nthawi zina mphamvu ya galasi imakhala yoposa kapena yochepera imene diso likufuna. Nthawi zina galasi la kumanja limaikidwa kumanzere. Koma cholakwa china chimene anthu sachidziwa ndi ichi: galasi lililonse lili ndi pakati pake, ndipo pamenepo payenera kuyang'anizana ndi kamwana ka diso. N'chifukwa chake wopima amayeza mtunda wa pakati pa timwana ta maso anu awiri, nalemba pa pepala pafupi ndi zilembo PD. Kwa akuluakulu ambiri mtundawu umapitirira pang'ono mamilimita 60. Tiyerekeze kuti wanu ndi 62, koma wodula magalasi wadula ngati ndi 68. Ndiye kuti diso lililonse likuyang'anira pambali ndi mamilimita atatu. Pa magalasi ofooka simungamve kanthu, koma pa magalasi amphamvu minofu ya maso imagwira ntchito yokoka tsiku lonse kuti musaone zinthu ziwiriziwiri, ndipo kutopa kwakeko ndiye mutu uja.

Mungathe kudziyesa nokha pakhomo. Valani magalasi, yang'anani zilembo za pa kalendala, tsekani diso limodzi ndi chikhato, kenaka linzake. Ngati diso limodzi likuona mbuu, mwina mphamvu ya galasi limenelo ndiyo yalakwika. Ngati lililonse palokha likuona bwino, koma mukatsegula onse awiri mukumva kukoka, kawirikawiri vuto limakhala la pakati paja, kapena magalasi awiriwo sakugwirizana. Ngati ululu uli kuseri kwa makutu kapena pamphuno pokha, ndiye kuti felemu yathina. Imeneyo amangoiwongola, osadulanso magalasi.

Zimene mwapezazo ndizo mulembe. Kalata yongoti "magalasi anu ndi oipa" sithandiza, chifukwa siuza wopima poyambira. Nachi chitsanzo cha kalata imene mayi wa ku Mkanda angalembe:

Kwa Mkulu Wopima Maso,

Zikomo Bambo,

PEMPHO LOTI MAGALASI ANGA AKONZEDWENSO

Munandipima maso pa 3 Juni ndipo ndinalandira magalasi pa 10 Juni. Nambala ya risiti ndailemba pansipa. Ndawavala tsiku ndi tsiku kwa masiku 16, osabwerera ku akale. Ndikawavala kwa ola limodzi, mutu umayamba kupweteka pamphumi, makamaka ndikamasoka kapena kuwerenga. Ndikawavula, umaleka pasanathe theka la ola. Diso lililonse palokha likuona bwino, koma ndikatsegula onse awiri ndimamva kukoka. Magalasi akale sankandichititsa zotere. Ndilibe pakati, ndilibe matenda a shuga, ndipo ku chipatala anandiyeza kuthamanga kwa magazi napeza kuti kuli bwino.

Choncho ndikupempha kuti muyeze magalasiwa ngati akugwirizana ndi zimene munalemba pa pepala langa, ndiponso ngati pakati pake pakuyang'anizana ndi maso anga. Akapezeka kuti akugwirizana, ndikupempha mundipimenso maso. Pakapezeka cholakwa, chonde mundidulire magalasi ena mu felemu yomweyi, ndipo mundidziwitse ngati pali cholipira musanayambe ntchito. Mundiuze tsiku limene ndingabwere, pakuti ndimachokera kutali.

Ine wanu,
(dzina, mudzi, nambala ya foni ndi ya risiti)

Onani kuti mayiyu sanakalipe, ndiponso sanagamule kuti wolakwa ndi yani. Wachita bwino, chifukwa cholakwa chingakhale cha wopima, chingakhale cha wodula magalasi, mwinanso maso enieniwo ndiwo asintha. Apa mpamene mawu aja onena za pakati ndi shuga akugwirira ntchito. Shuga akakwera m'magazi, kaonedwe ka maso kamasintha, kotero kuti magalasi opimidwa pa nthawi imeneyo sagwiranso bwino shuga akatsika. Pakati naponso pamasintha kaonedwe kwa amayi ena, ndipo kamabwerera patapita milungu kapena miyezi mwana atabadwa. Ngati muli m'gulu limeneli lembani zoona, kuti wopima aone ngati n'kwabwino kudikira. Kubisa n'kudzitayitsa ndalama kawiri.

Lembani makalata awiri ofanana, ina musunge. Musachedwe, popeza malo ambiri amamva dandaulo mosavuta likafika magalasi akadali atsopano. Kalata ingathe kutsogola, kaya pa positi kaya mwaijambula pa foni, koma magalasi okha musawatumize ndi munthu wa pa minibasi. Mtunda wa maso anu sangauyeze inu mulibe. Pitani nokha, mutatenga magalasi atsopano, akale, risiti ndi pepala la muyeso. Ngati pepalalo sanakupatseni, lipempheni.

Magalasi ogula pamsika, kaya pa Kamwendo kaya pa boma, alibe womulembera kalata. Amenewo mphamvu yake ndi yofanana mbali zonse ziwiri ndipo sanayezedwe pa nkhope yanu. Akakupweteketsani mutu, asiyeni mukapimitse.

Kwa munthu wamkulu, magalasi olakwika amatopetsa koma saononga maso. Kwa mwana wamng'ono nkhani ndi ina, chifukwa maso ake akuphunzirabe kuona, ndipo diso loona mbuu kwa nthawi yaitali limasanduka laulesi. Mwana sanena kuti mutu ukukoka. Inu mudzaona akusuzumira pamwamba pa magalasi, akutsinzina diso limodzi kapena akupendeketsa mutu. Lembani zimenezo m'kalata m'malo mwake, pamodzi ndi zaka zake, ndipo mupemphe tsiku lapafupi loti akamuonenso.