Ulendo wa ku Joni: maola amene basi imataya itaima

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi ku Harare ndi mtunda wa makilomita oposa 1,700. Basi yomwe ikudula makilomita 70 pa ola imafuna maola pafupifupi 25. Anthu ambiri masamu awo amathera pomwepa, n'kuuza achibale ku Joni kuti akawachingamire mawa m'mawa. Koma maola 25 amenewo ndi a nthawi imene matayala akuzungulira basi.

Nthawi yambiri imathera m'zipata. Panjirayi pali malire atatu: Mwanza ndi Zobue, Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Beitbridge. Malire aliwonse ali ndi mbali ziwiri, yotulukira ndi yolowera, ndiye kuti mutsika ndi pasipoti m'manja kasanu ndi kamodzi. Tsono taganizirani basi ya anthu 60 itaima pa windo limodzi. Ngati wodinda akutenga mphindi ziwiri pa munthu aliyense, maola awiri apita. Ndipo basi sichoka mpaka munthu womaliza atakwera. Mmodzi yekha amene masiku ake anapitirira, kapena mayi amene mwana wake mapepala ndi osakwanira, amaimitsa onse.

Ine ndimaika maola awiri pa Mwanza, awiri pa Nyamapanda ndi anayi pa Beitbridge. Chipata cha Beitbridge chimagwira ntchito usana ndi usiku, komabe m'nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka maola anayiwo mukhoza kuwawirikiza kawiri. Mukangofika, werengani mabasi amene ali patsogolo panu, chifukwa iliyonse ili ndi mzere wake wa anthu.

Zopuma n'zosavuta kuwerenga. Basi ikamaima kwa theka la ola pa maola anayi aliwonse kuti anthu adye, adzithandize komanso ithire mafuta, ndi maola ena atatu. Onjezani ola limodzi la malodibuloko a apolisi.

Tikaphatikiza 25, 8, 3 ndi 1 tikupeza maola 37. Wonyamuka Lolemba 7 koloko m'mawa afika Lachiwiri cha m'ma 8 koloko usiku, osati m'mawa, ndipo kufika usiku mumzinda wachilendo popanda wokuchingamira si nkhani yamasewera.

Pobwera kumudzi muonjezerenso. Basi imakhala itadzaza ndi katundu wa geni, mabulangete ndi mafuliji, ndipo pa Mwanza amatha kutsitsa zonse kuti aone za msonkho.

Musananyamuke, funsani kondakitala nthawi imene basi yapitayo inafika, osati imene yalembedwa pa tikiti, komanso nthawi imene zipata zapanjira zimatseka, poti kupeza chipata chotseka ndiye kuti mwagona pomwepo. Ngati muli ndi ntchito kapena zachipatala Lachitatu m'mawa, nyamukani Lamlungu.