Mayeso 625 kapena 60: kuchuna pulogalamu uli ndi laputopu imodzi

Pulogalamu yophunzira kuchokera ku deta isanayambe ntchito, pali manambala ena amene munthu amayenera kuisankhira. Akatswiri amawatcha mahayipaparamita. Imodzi mwa manambalawa ndi `learning_rate`, imene imalamula kukula kwa kusintha kumene pulogalamu imapanga ikalakwitsa. Ikakula kwambiri, pulogalamu imangolumphalumpha osakhazikika. Ikachepetsa, imaphunzira mwa kamba.

Tiyerekeze kuti muli ndi laputopu imodzi, ndipo kuyesa kaphatikizidwe kamodzi ka zochuna kumadya mphindi 10. Zochuna zilipo zinayi, chilichonse mwachisankhira manambala asanu. Njira ya giridi, imene mu scikit-learn ndi `GridSearchCV`, imayesa kaphatikizidwe kalikonse. Amenewo ndi mayeso 625, maola oposa 104, kutanthauza masiku anayi ndi maola ena pamwamba, magetsi osathima.

Kuchedwako si vuto lalikulu. Mu 2012, James Bergstra ndi Yoshua Bengio anaonetsa kuti nthawi zambiri zochuna zochepa chabe ndi zimene zimasinthadi zotsatira. Ngati chofunikacho ndi `learning_rate`, ndiye kuti pa mayeso 625 aja mwayesa manambala ake asanu okha, iliyonse kuibwereza ka 125. Njira yotola mwamaere, `RandomizedSearchCV`, mukaipatsa malire m'malo mwa mndandanda, imatenga nambala yatsopano ulendo uliwonse. Masamu ake ndi okoma: mayeso 60 amakupatsani mwayi wa 95 pa 100 woti amodzi agwere m'gulu la 5 pa 100 abwino koposa, mkati mwa malire amene mwaika. Ndi maola 10 basi, usiku umodzi.

Chenjerani pa katoledwe. Mukatola mofanana pakati pa 0.0001 ndi 0.1, pafupifupi mayeso 9 pa 10 adzaposa 0.01, manambala ang'onoang'ono n'kutsala osayesedwa. Gwiritsani ntchito `loguniform`. Ndipo nambala yopambana ikapezeka m'mphepete mwenimweni mwa malire, dziwani kuti malirewo achepa.

Njira ya Bayes ndiyo imakumbukira. Monga wokumba chitsime amatsata pamene dothi lanyowa, iyo imaona mayeso akale n'kulosera pokayesa, koma nthawi zina imayesanso kumene sinafikeko. Optuna, mukaisiya momwe imabwerera, imayamba ndi mayeso 10 amaere, kenako n'kuyamba kulosera. Choncho ngati mungakwanitse mayeso 12 okha, simupindula nayo kwenikweni. Imanyengekanso: zotsatira zikamasinthasintha chifukwa deta ndi yochepa, imakakamira pamene panangochitika mwayi. Bwerezani mayeso opambanawo ndi `random_state` ina. Akatsika kwambiri, unali mwayi chabe.

Giridi isiyireni zochuna chimodzi kapena ziwiri. Zikapitirira apo, yambani ndi maere, ndipo Bayes abwere pamene mayeso aliwonse akudya nthawi yaitali. Patulaninso gawo la deta limene simulikhudza mpaka kuchuna kutatha, chifukwa zotsatira za pa deta yochunira zimaoneka zabwino kuposa momwe zilili.