Kukonza Tchati cha Zofiira ndi Zobiriwira

Mwa amuna khumi ndi awiri aliwonse pamakhala mmodzi amene amavutika kusiyanitsa mitundu, makamaka wofiira ndi wobiriwira. Akazi otere ndi ochepa kwambiri. Tinene kuti muli ndi tchati cha mitengo ya chimanga ndi nyemba: mzere wa chimanga ndi wofiira, wa nyemba wobiriwira. Kwa munthu wotere mizere yonse iwiri imatha kuoneka yofanana, ndipo ikapingasana sadziwanso kuti wa chimanga walowera kuti.

Simufunika kujambulanso tchaticho. Mu Excel, dinani mzere wa chimanga ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Format Data Series, muupatse mtundu wabuluu wodera, monga #0072B2. Wa nyemba ukhale waolenji wowala, #E69F00. Chinsinsi chagona pa kudera ndi kuwalako, chifukwa diso losasiyanitsa mitundu limaonabe chodera ndi chowala.

Komabe mtundu pawokha sukwanira. Mzere umodzi ukhale wodukizadukiza, ndipo dzina la mbewu lilembedwe kumapeto kwa mzere wake, osati m'kabokosi kapambali.

Pomaliza, sindikizani tchaticho pa makina osatulutsa mitundu. Mizere ikafanana papepalapo, wonjezerani kudera kwa wabuluu uja.