Ngongole ya mpunga yautsa mtsutso pa Ntaja

Mpunga wa ku Chilwa ukayamba kufika pa Ntaja ndi pa Liwonde, amalonda amathamangira kubanki kukatenga mpamba wopikulira. Ambiri amabwerako ndi mapepala a Chingerezi omwe asayina osawerenga.

Mayi wina wa pa Ntaja sanafune kutero. Anatenga mapepala akewo n'kupita nawo kwa mlamu wake, mphunzitsi wopuma ntchito. Bamboyo anavala magalasi, anang'amba tsamba m'kope la mwana wasukulu, n'kuyamba kulemba m'Chichewa zomwe zinali m'panganolo, mayiyo ali chete pamkeka.

Ngongole inali K1,000,000 yobweza m'miyezi 12. Koma banki inati idzachotseratu K20,000 yoyendetsera ngongole ndi K10,000 ya inshulansi, kotero mayiyo adzalandira K970,000, pomwe chiwongoladzanja chiziwerengedwa pa miliyoni yathunthu. Tsiku lobweza linali pa 28 mwezi uliwonse. Akachedwa, chindapusa ndi 5 peresenti ya ndalama ya mwezi umene wachedwawo.

Pomwe bamboyo anaima nthawi yaitali ndi pa chiwongoladzanja.

"Alamu, 3 peresenti pamwezi mwaimva, koma munafunsa kuti ndi 3 peresenti ya ndalama ziti?" anatero.

Panganolo linkati chiwongoladzanja n'chosasintha: K30,000 mwezi uliwonse kufikira kumapeto, ngakhale ngongole itatsala pang'ono kutha. Pachaka ndi K360,000, ndipo mayiyo azipereka pafupifupi K113,300 pamwezi. Chikanawerengedwa pa ndalama yotsala, chikanatsika mwezi ndi mwezi. Akanamapereka pafupifupi K100,500 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja chonse chikanakhala cha m'ma K205,500. Kusiyana kwake kukuposa K150,000, chikhalirecho njira zonse ziwiri zimatchula 3 peresenti yomweyo.

Nkhaniyi itafika pamsika, inagawanitsa anthu. Bambo wina wopikula mpunga ku Balaka anati palibe chinyengo apa, popeza zonse zinalembedwa, ndipo njira yosasinthayo munthu amatha kuiwerengera pamtima. Amayi anzake a mwini ngongoleyo anakana. Iwo anati munthu sayenera kulipira chiwongoladzanja pa ndalama yomwe wabweza kale. Kulemba zoona m'chinenero chomwe wokongola sakumva sikumuuza zoona, ndipo apa amayiwo sakulakwa.

Mphunzitsi uja anati kuzindikira chiwongoladzanja chosasintha n'kosavuta: pemphani ndondomeko yobwezera, muyang'ane mzere wa chiwongoladzanja. Nambala ikakhala yomweyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndiye kuti n'chosasintha. Anawonjeza kuti wokongola afunsenso ngati chiwongoladzanja chingakwere mkati mwa chaka, komanso ngati kubweza msanga kumachepetsa ndalamayo.

Mayiyo anabwerera kubanki ndi tsamba lija m'manja. Anapemphanso kuti tsiku lobweza lisunthidwe, chifukwa omugula mpunga ku Blantyre ambiri amamulipira mwezi ukatha. Tsopano amalonda ena pa Ntaja ayamba kupita kwa mphunzitsiyo ndi mapepala awo asanasayine.