MUSANATULE PANSI NTCHITO, ŴERENGANI ZANU

M'boma lathu la Rufunsa, anthu ambiri olembedwa ntchito ali m'mafamu, m'masitolo ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa mseu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Mwayi wina ukaoneka, munthu amatula pansi ntchito, nalandira envulopu yotsiriza, nathokoza, napita. Ndi oŵerengeka okha amene amakhala pansi ndi pensulo kuti aone ngati ndalamazo zakwana. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Lamulo loyendetsa nkhaniyi m'Zambia ndi Employment Code Act, Nambala 3 la chaka cha 2019. Munthu wosiya ntchito mwa kufuna kwake ayenera kuŵerenga zinthu zitatu: nthaŵi ya notisi, masiku a tchuthi amene sanatenge, ndi maalawansi amene sanalandire.

Kuti zimveke, tiyerekeze dalaivala wa pa famu ina kufupi ndi Chinyunyu, amene wagwira zaka zisanu pa ntchito yokhazikika. Malipiro ake enieni ndi K2,600 pa mwezi. Pamwamba pake amalandira K780 ya nyumba, K260 yoyendera ndi K260 ya chakudya cha masana. Zonse pamodzi ndi K3,900. Lamulo limatcha chiŵerengero chimenechi malipiro athunthu, ndiye kuti malipiro enieni pamodzi ndi maalawansi a mwezi ndi mwezi, koma osaphatikizapo bonasi. Sungani manambala aŵiriŵa, K2,600 ndi K3,900, pakuti mikangano yambiri imabadwira pakati pawo.

NOTISI

Choyamba, tsegulani pangano lanu la ntchito muone nthaŵi ya notisi imene munasainira. Pamene pangano silinena kanthu, muyeso umene lamulo limatchula ndi masiku 30 pa ntchito yopitirira miyezi itatu. Lembani kalata, ikani deti, tchulani tsiku lanu lotsiriza, ndipo bwana kapena kalaliki asaine pa kope lanu. Notisi ya pakamwa imakanidwa mosavuta.

Dalaivala wathu wapereka kalata pa 30 Meyi 2025, nagwira ntchito mpaka pa 30 Juni. Malipiro a Juni, K3,900, ndi ake onse. Bwana akakwiya ndi kalatayo namuuza kuti achoke tsiku lomwelo, ndalama za mwezi wa notisi ayenera kumlipirabe, chifukwa wakana ntchitoyo ndi bwana. Koma wantchito akakana yekha kugwira masiku a notisi, lamulo limalola bwana kudula ndalama za masiku amenewo pa zimene akanamlipira.

MASIKU A TCHUTHI

Wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 kwa bwana mmodzi ali ndi masiku osachepera aŵiri a tchuthi pa mwezi uliwonse, ndiye 24 pa chaka. Masiku amene sanatengedwe safa pamene munthu wasiya ntchito, amasanduka ndalama.

Dalaivala uja anatenga masiku ake onse akale mpaka Disembala 2023. Kuyambira Januwale 2024 mpaka Juni 2025 pali miyezi 18, imene ikumpatsa masiku 36. Pa ameneŵa anatengapo 14 nthaŵi yokolola chimanga kumudzi. Otsala ndi 22. Masiku a matenda okhala ndi kalata ya chipatala, ndi maholide a boma, sachotsedwa pa tchuthi cha pachaka.

Kaŵerengedwe kake lamulo linakalemba: tengani malipiro athunthu, chulukitsani ndi masiku otsala, gaŵani ndi 26. Nambala ya 26 ikuimira masiku ogwira ntchito m'mwezi, titachotsa Masondo. Motero K3,900 kugaŵa ndi 26 ndi K150 pa tsiku, ndipo masiku 22 akupereka K3,300.

Zolakwa zofala pano ndi ziŵiri. Kalaliki wina amatenga malipiro enieni okha: K2,600 kugaŵa ndi 26 ndi K100 pa tsiku, ndipo masiku 22 amangopereka K2,200. Wantchito wataya K1,100. Wina amagaŵa ndi 30 m'malo mwa 26: tsiku limatsika kufika pa K130, ndipo zonse zimakhala K2,860. Njira yozindikirira njapafupi. Gaŵani ndalama za tchuthi zimene mwapatsidwa ndi masiku anu otsala. Yankho likachepera pa mtengo wa tsiku umene mwapeza nokha, funsani mwaulemu kuti aŵerengenso muli pomwepo.

MAALAWANSI OTSALIRA

Lamulo limati maalawansi ndi ovataimu zilipidwe pa tsiku limene ntchito yatha, osati "tikagulitsa mbewu". Koma ndalama yopanda umboni njovuta kuitsata. Sonkhanitsani mapepala anu a malipiro, ndipo lembani mwezi ndi mwezi chimene chinasoŵa. Dalaivala wathu sanalandire K780 ya nyumba ya mwezi wa Epulo. Anagonanso ku Lusaka masiku atatu pa ulendo wa ntchito, ndipo pangano lake limati K200 pa usiku, ndiye K600. Buku la maulendo a galimoto ndilo mboni yake. Zotsalira zonse ndi K1,380.

KUPHATIKIZA

Tsopano tiphatikize. Malipiro a Juni K3,900, tchuthi K3,300 ndi zotsalira K1,380 zikupanga K8,580. Chilungamo chimayenda mbali zonse ziŵiri: anakongola K1,000 kwa bwana kuti agule feteleza, ndipo imeneyo ichotsedwe. Patsala K7,580. Pamenepa padzachokanso msonkho wa boma ndi zopereka za ku NAPSA ndi ku NHIMA. Ndalama za tchuthi nazonso zimakhomedwa msonkho, choncho munthu amene sadulidwa msonkho miyezi ina akhoza kuuona mwezi wotsirizawu. Pemphani pepala losonyeza chodulidwa chilichonse pa mzere wakewake.

Nanga akanangochoka pa 30 Meyi osagwira notisi? Za Juni sakanalandira. Masiku a tchuthi akanakhala 20, ndiye K3,000, ndipo pamodzi ndi zotsalira zija zikanakwana K4,380. Bwana akanatha kudulapo K3,900 ya notisi ndi K1,000 ya ngongole. Munthu wa zaka zisanu pa ntchito akanatuluka pa geti chimanjamanja, ali ndi ngongole ya K520. Kuthamanga sikufika. Ngati ntchito yatsopano ikukufulumizani, pemphani bwana akuchepetsereni notisi, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe.

Ambiri amafunsanso za giratuwiti. Imeneyi nja anthu a pangano la nthaŵi yoikika, monga la zaka ziŵiri, ndipo sichepera pa magawo 25 pa 100 a malipiro enieni a nthaŵi imene munthu wagwira. Wa ntchito yokhazikika amene wasiya yekha, monga dalaivala wathu, asaiyembekezere pokhapokha pangano lake litailonjeza. Penshoni yake ili ku NAPSA. Apite akaone ngati bwana ankatumizadi zopereka zimene ankamdula mwezi ndi mwezi.

Pomaliza, musasaine pepala lonena kuti mwalandira zonse musanaŵerenge nokha, ndipo tengani kalata yaumboni wa ntchito imene bwana ayenera kukupatsani. Mukalephera kumvana, pitani ndi mapepala anu kwa mkulu woona za ntchito ku ofesi ya boma. Musazengereze, popeza dandaulo lopita ku gawo la Khoti Lalikulu loona milandu ya ntchito liyenera kufika m'masiku 90. Inunso abwana amene muli ndi antchito m'sitolo kapena pa famu, sungani buku la tchuthi ndipo wantchito azisainamo. Tsiku losiyana likafika, bukulo ndilo lidzakusiyanitsani mwamtendere.