Lamba yekha sapulumutsa mmisiri wa padenga

Kontilakita wodziwa ntchito salola munthu kukwera pamwamba asanalembe chikalata cha ndondomeko ya chitetezo. Chikalatachi chimanena za ntchito imodzi pamalo amodzi: pomwe pali ngozi, momwe ntchito iyendere, ndi dzina la woyang'anira chinthu chilichonse. Chongokopera ku ntchito ina n'chopanda phindu.

Tiyerekeze kuti amisiri akukhoma malata pa nyumba yosungiramo katundu, denga lake lili mamita 5 kuchokera pansi. Funso loyamba m'chikalata ndi lakuti, kodi n'chiyani chingapangidwire pansi? Mitengo ya denga ikhomedwe pansi, ikwezedwe itathatha. Pa ntchito yosapeweka, pamangidwe sikafodi yokhala ndi zotchinga m'mbali zofika pafupifupi mita imodzi, ndi thabwa m'munsi mwake loletsa hamala kapena njerwa kugwera anthu. Makwerero apitirire poponda ndi mita imodzi, amangidwe kumwamba, ndipo pa mamita 4 alionse okwera, phazi lake litalikire khoma ndi mita imodzi.

Lamba amabwera pomalizira, ndipo apa mpomwe ambiri amapusitsika. Chingwe chake nthawi zambiri chimakhala mamita 2. Munthu akagwa, kachipangizo kochepetsa kugwedezeka kwa thupi kamatambasuka mpaka mamita 1.75. Onjezerani mamita 2 a thupi lolendewera, ndi mita imodzi yongosiyira mpata. Ngati chingwe chakoledwa pomwe munthu waponda, pansi pake pamafunika mamita 6.75. Denga lathu lija ndi la mamita 5 okha, ndiye kuti mmisiriyo, lamba ali m'thupi, akamenyetseka pansi. Chikalata chabwino chimawerengera zimenezi, nkulamula chingwe chachifupi chomuletsa kufika m'mphepete, chokoledwa pa malo olimba omwe injiniya wavomereza, osati pa paipi ya madzi.

Udindo nawo ulembedwe mosabisa. Kontilakita amagula zida ndi kuphunzitsa antchito. Munthu wodziwa sikafodi aiyendere isanayambe kugwira ntchito, kenako pakatha masiku 7 alionse, komanso kukagwa chimvula kapena kukawomba chimphepo, chifukwa nthaka ikanyowa miyendo imatitimira. Kumene amamanga ndi mitengo ya bulugamu, ayang'anenso ming'alu ndi mfundo zomasuka. Kapitawo amafotokozera anthu ake ndondomeko m'mawa, amatchinga malo a pansi, ndipo amaimitsa ntchito mphepo ikakula, popeza lata m'manja limakoka munthu. Mmisiri amayendera lamba wake: ulusi wothothoka kapena ngowe yosatseka bwino, asavale.

Gawo lomwe limaiwalika ndi lopulumutsa wogwa. Munthu wolendewera pa lamba magazi amadzadza m'miyendo ndipo angathe kukomoka m'mphindi zochepa. Chikalata chinene womutsitsa, chida chomutsitsira, ndi galimoto yothamangira naye kuchipatala.

Inu amene mukumangitsa nyumba, amisiri asanakwere, pemphani kontilakita akuonetseni chikalatachi, ndipo mufunse kuti chingwe chikoledwa pati.